Imelo yoperekeza kotesheni: lozani tsamba limodzi

Mabungwe ambiri m'dziko muno, kaya ndi sukulu ya mishoni, bungwe lomwe si la boma kapena kampani, sagula katundu wa ndalama zambiri asanaone makotesheni atatu. Koma amene amalandira makotesheniwo kawirikawiri si amene amagamula. Amakhala mlembi, akauntanti kapena woona zogula, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa mitengo itatuyo pa pepala limodzi kuti komiti ifanizire. Fayilo iliyonse amaitsegula akusaka chinthu chimodzi, nambala yaikulu ya kumapeto. Akaipeza amailemba n'kutseka. Zonse zimene wamalonda anachezera usiku akulemba, za mtundu wa katundu, za kalipiridwe, za zimene mtengowo sukukhudza, zimatsalira m'fayilomo, ndipo ku komiti kumangofika manambala atatu opanda nkhani yake.

Apa ndi pamene pali ntchito ya imelo yoperekeza kotesheni. Ambiri amailemba ndi mzere umodzi wokha, wakuti kotesheni ija nayi, zikomo. Ena amapitirira muyeso, amalemba mbiri yonse ya kampani yawo kuyambira chaka chimene inayamba. Onsewa aphonya chinthu chimodzi: woŵerenga ali ndi mphindi zochepa, mwina akuŵerengera pa foni, ndipo wina ayenera kumuuza tsamba loti ayambire. Wina ameneyo ndi inu amene munalemba kotesheniyo, chifukwa ndinu nokha amene mukudziŵa pamene pagona nkhani.

Tiyerekeze ndi ntchito imodzi, kuti tisalankhule za m'malere. Mitengo yake ndi yongoyerekeza.

Sukulu ina ikufuna kufoleranso denga la nyumba ya zipinda ziŵiri zophunziriramo, ndipo ikufuna ntchitoyo ithe pa tchuthi chachikulu, ana asanatsegulire. Kontalakita wina wapita kukayeza nyumbayo ndipo walemba kotesheni ya masamba asanu ndi anayi. Tsamba 1 ndi chikuto. Tsamba 2 likufotokoza za kampani ndi ntchito zimene inagwirapo. Masamba 3 mpaka 5 ndi mndandanda wa katundu: malata, matabwa, misomali, mankhwala a chiswe, mayendedwe, malipiro a amisiri. Tsamba 6 ndi chidule cha mitengo. Tsamba 7 lili ndi mfundo za kalipiridwe, ndipo masamba aŵiri omaliza ndi chiphaso cha kalembera wa kampani ndi chiphaso cha ku MRA chosonyeza kuti misonkho ikulipiridwa.

Pa tsamba 6 waikapo njira ziŵiri. Yoyamba ndi ya malata a geji 28, ndalama zonse K18,400,000. Yachiŵiri ndi ya malata a geji 30, K15,900,000. Amene sanagulepo malata angaganize kuti geji 30 ndiye yokhuthala popeza nambala yake ndi yaikulu, koma zili mosemphana: nambala ya geji ikamakwera lata limanka lipyapyala. M'munsi mwa mitengoyo muli mizere iŵiri yofunika kwambiri. Woyamba ukuti mitengoyi ikuphatikiza kusintha mitanda inayi yonyamula denga imene yaoneka kuti yadyedwa ndi chiswe, ndipo ina ikapezeka yovunda denga litasasulidwa, uliwonse udzakhala K185,000. Wachiŵiri ukuti siling'i mulibe m'mitengoyi.

Tsopano taganizani zimene zichitike mlembi wa sukulu akangotola nambala imodzi. Akatola K18,400,000 n'kuiika pambali pa ya kontalakita wina amene wanena K15,200,000 osatchula geji ya malata ake, komiti iona kusiyana kwa ndalama zoposa mamiliyoni atatu ndipo nkhani ithera pomwepo. Akatola K15,900,000, mwina ntchito ipezeka, koma komiti idzakhala ikuyembekezera malata okhuthala ndi siling'i yomwe, ndipo mkangano udzabuka amisiri ali kale pa denga. Ulendo woyamba kontalakita wataya ntchito, ulendo wachiŵiri wataya mbiri. Kotesheni yake inalibe vuto lililonse. Tsamba 6 linangokhala losaŵerengedwa.

Tsamba lofunika ndi liti?

Funso limeneli ndi lovutirapo kuposa mmene limamvekera, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Yankho lofulumira ndi lakuti tsamba lofunika ndi limene pali mtengo wonse. Nthaŵi zina ndi zoona. Koma mtengo wonse woŵerenga aupeza yekha, ngakhale mutaubisa motani, chifukwa ndi umene wabwerera. Chimene sangachipeze yekha ndi malo amene akuyenera kusankhapo kanthu, kapena amene angamve molakwa mpaka kudzakangana nanu. Tsamba loti mumulozere ndi limenelo.

Pali njira yosavuta yolidziŵira. Dzifunseni kuti: munthuyu akavomera kotesheniyi ataŵerenga tsamba limodzi lokha, ndi tsamba liti limene lingachititse kuti pakutha pa ntchito asadzanene kuti sanauzidwe? Kwa wofolera denga uja ndi tsamba 6. Kwa wosindikiza mabuku lingakhale tsamba lonena za kulemera kwa pepala ndi chiŵerengero cha makope. Kwa woitanitsa makina kunja lingakhale tsamba lonena kuti msonkho wa pa chipata alipira ndani ndiponso katundu adzafika liti.

Mukaona kuti funsoli likukupatsani masamba atatu kapena anayi, vuto silili mu imelo, lili m'kotesheni momwemo. Bwererani mukonze tsamba limodzi lachidule lokhala ndi mtengo, zosankha, zimene mulibe ndi tsiku lothera mtengo, kenako imelo ilozere pamenepo. Imelo yonena kuti onani tsamba 3, komanso 5, osaiwala 7 ndi 8, yauza woŵerenga kuti aŵerenge zonse, ndipo zimenezo akanazidziŵa popanda inu.

Pali chiyeso china chimene ndiyenera kuchitchula. Wamalonda amafuna kulozera woŵerenga tsamba limene likumukomera iye, monga la zithunzi za ntchito zakale, n'kusiya mfundo zoŵaŵa zili phee kumapeto. Kuteroko kumagwira ntchito kamodzi. Akauntanti amene wadzidzimutsidwapo ndi ndalama zoonjezera zimene zinabisala pa tsamba lomaliza amakumbukira dzina la kampaniyo kwa zaka zambiri, ndipo anthu oona zogula m'mabungwe amadziŵana ndi kuuzana. Kwa ine, kontalakita amene amandilozera yekha pamene palembedwa zimene sadzachita ndi amene ndingamukhulupirire pa zimene akuti adzachita.

Imelo ya kontalakita wathu ingakhale yotere. Pa malo a mutu, pamene pa makina pamalembedwa `Subject`, alembe kuti: Kotesheni 047, kufolera denga la zipinda ziŵiri, mtengo ukuthera pa 18 Ogasiti. Ndipo uthenga wake:

Mayi Mphunzitsi Wamkulu,

Potsatira ulendo wathu wodzayeza nyumba ija Lachiŵiri lapitali, talumikiza ku imelo ino kotesheni 047 ya masamba asanu ndi anayi.

Chonde yambirani pa tsamba 6, lomwe mutu wake ndi Chidule cha Mitengo. Pamenepo pali njira ziŵiri zoti komiti isankhepo: malata a geji 28 pa K18,400,000, kapena a geji 30, omwe ndi opyapyalako, pa K15,900,000. Msonkho wa VAT uli kale m'mitengo yonse iŵiri. M'munsi mwa tsamba lomwelo muona zimene mitengoyi sikukhudza, makamaka siling'i.

Mitengoyi ikugwira ntchito mpaka pa 18 Ogasiti. Ntchito itenga masabata atatu kuchokera tsiku limene talandira dipoziti, choncho kuti ithe ana asanatsegulire tingakondwe kumva njira imene mwasankha tsikuli lisanafike.

Ngati pali pofuna kufotokozera komiti, ndili wokonzeka kubwera.

Pansi pake pabwere dzina la wolemba, udindo wake, dzina la kampani ndi nambala ya foni. Basi. Maimelo ambiri a malonda kuno amalembedwa m'Chingelezi, koma kamangidwe kake n'komweka, kaya mulemba m'chinenero chiti.

Taonani mmene tsamba lija latchulidwira: ndi nambala komanso ndi mutu wake. Pali chifukwa. Ambiri saika nambala pa chikuto, amayamba kuŵerenga pa tsamba lotsatira. Zikatero tsamba limene pansi pake pasindikizidwa 6 limakhala lachisanu ndi chiŵiri pa foni kapena pa kompyuta, chifukwa pulogalamu yotsegulira PDF imaŵerenga masamba onse, ndi chikuto chomwe. Woŵerenga akapita pa tsamba 6 la pulogalamuyo apeza mndandanda wa misomali, ndipo aganiza kuti mwasokoneza kapena mwatumiza fayilo yolakwika. Mankhwala ake ndi aŵiri: ikani manambala kuyambira pa chikuto kuti ziŵerengero zigwirizane, ndipo tchulaninso mutu wa tsambalo kuti ngakhale wina atasindikiza masambawo n'kuwasokoneza alipezebe. Musanatumize, tsegulani fayiloyo pa foni yanu, pitani pa nambala imene mwalemba mu imelo, muone ngati mwafikadi pomwepo. Kotesheni ikasinthidwa pa mphindi yomaliza, mzere umodzi woonjezera ukhoza kukankhira tsamba lonse kutsogolo pamene imelo idakali kunena nambala yakale.

Taonaninso kuti imeloyo yanena chifukwa chopitira pa tsambalo. Kungoti onani tsamba 6 ndi lamulo, ndipo munthu wotanganidwa salabadira malamulo a wogulitsa. Kunena kuti pamenepo pali njira ziŵiri zoti komiti isankhepo kwamuuza kuti pali ntchito yomudikira, ndipo kwamuchenjeza kuti asalembe nambala imodzi yokha pa pepala lake lofanizira.

Kodi mtengo ulembedwe mu imelo?

Amalonda amagaŵanika pa nkhaniyi. Ena amati ukaika mtengo mu imelo, munthu satsegulanso fayilo. Ena amati ukaubisa, umamukwiyitsa. Ine ndili mbali ya ouika, koma pokhapokha utsagane ndi mawu amene akuupatsa tanthauzo. K18,400,000 payokha ndi nambala yoopsa. K18,400,000 ya malata a geji 28, msonkho uli momwemo, ndi nambala imene munthu angaifanizire ndi ina mwachilungamo. Nkhani ya msonkhoyi si yaing'ono: kotesheni imodzi ikakhala ndi VAT ina ilibe, yopanda msonkhoyo imaoneka yotsika mtengo pamene mwina siyotsika ayi. Mawu asanu okha mu imelo amatseka dzenje limeneli.

Komabe imelo isasanduke kotesheni yachiŵiri. Chilichonse cholembedwamo chikhale chochokera m'kotesheni, nambala ndi nambala, tsiku ndi tsiku. Vuto limadza wolemba akafuna kukometsa. M'kotesheni walemba kuti dipoziti ndi 60 peresenti, yomwe pa njira yoyamba ija ndi K11,040,000, koma mu imelo, pofuna kumveka waulemu, waonjezera kuti za dipoziti tikhoza kukambirana. M'kotesheni walemba masabata atatu, mu imelo walemba kuti titha kumaliza m'masabata aŵiri. Wogula adzagwira mawu amene akumukomera, ndipo sadzakhala wolakwa. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo lozindikira mauthenga otumizidwa pa makina, choncho munthu asadzinamize kuti zolembedwa mu imelo ndi nkhambakamwa chabe ndipo chenicheni ndi pepala lokhala ndi chidindo. Ngati mwasintha maganizo pa dipoziti kapena pa nthaŵi, sinthani kotesheniyo, osati imelo yokha.

Tsiku lothera mtengo lalembedwa kaŵiri, pa mutu ndi m'kati, ndipo si mwangozi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene pa masiku amenewo anali ndi kotesheni ili m'manja mwa wogula, yopanda tsiku lothera, ya katundu wodalira ndalama zakunja, akudziŵa mmene zinaŵaŵira. Malata ali m'gulu limenelo, popeza chitsulo chake chimachokera kunja. Lembani tsiku lenileni, osati kungoti masiku khumi ndi anayi. Imelo ikatumizidwa kwa munthu wachiŵiri ndi wachitatu, palibe amene amakumbukira kuti masikuwo anayamba liti.

Kutumizidwa kwa ena kumeneku ndi chinthu choyenera kuchiganizira polemba mzere uliwonse. Mayi Mphunzitsi Wamkulu aja akangodina `Forward`, imelo yanu ifika kwa wapampando wa komiti, kwa msungichuma, mwinanso kwa wopereka thandizo amene ali kunja kwa dziko, ndipo palibe mwa iwo amene analipo tsiku loyeza nyumba. N'chifukwa chake mawu onga akuti monga tinakambirana muja, kapena njira ija munaikonda ija, sathandiza. Lembani ngati mukulembera munthu amene sanakuonenipo. Pa chifukwa chomwecho, nthabwala ndi malonje a pachibale zisiyireni foni. Ngakhale woona zogulayo ndi mnzanu wa ku sekondale, mu imelo iyi ndi Bambo kapena Mayi.

Za fayilo yeniyeniyo ndinena mwachidule. Ikhale PDF, osati chikalata chimene wina angasinthemo manambala. Ikhale imodzi, osati zithunzi zisanu ndi zinayi zojambula ndi foni, chifukwa zithunzi zilibe tsamba 6 ndipo zimafika mu dongosolo lililonse limene zafuna. Dzina lake linene chimene ili, monga `Kotesheni-047-Denga.pdf`, osati `scan0003.pdf`, poti m'kompyuta ya mlembi muli kale mafayilo ambiri a dzina lotero. Gmail salola kulumikiza mafayilo opitirira 25 MB pa imelo imodzi, koma musayandikire n'komwe malire amenewo: wolandira mwina akudalira bandulo ya pa foni, ndipo fayilo yolemera amati adzaitsegula akafika ku ofesi, kumene ikamupeza ali ndi zina.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa kotesheni yokonzedwanso. Tinene kuti komiti yakumana ndipo yapempha kuti siling'i iikidwemo. Kontalakita wakonza, wadina `Reply` pa imelo yakale, walumikiza fayilo yatsopano ya dzina lomwe lija, n'kulemba kuti nayi yokonza. Tsopano pa mndandanda umodzi wa mauthenga pali mafayilo aŵiri ofanana dzina, osiyana mitengo, ndipo mutu wa imelo ukunenabe za 18 Ogasiti. Msungichuma akadzafuna kulemba cheke adzatsegula imene yayamba kumuonekera. Imelo yoperekeza kotesheni yachiŵiri ili ndi ntchito ina pang'ono: inene poyera kuti iyi ndi 047-B ndipo ikuloŵa m'malo mwa 047, itchule chimene chasintha, kenako ilozere tsamba limene kusinthako kuli. Tsamba lofunika pano mwina silikhalanso la chidule lokha ayi, likhoza kukhala limene mndandanda wa zipangizo za siling'i waloŵapo, chifukwa ndi zokhazo zimene komiti sinazionepo. Dzina la fayilo ndi mutu wa imelo nazo zisinthe.

Mungadziŵe bwanji kuti imelo yanu sinagwire ntchito? Mverani mafunso amene akubwera. Wogula akaimba foni kufunsa ngati msonkho uli momwemo, kapena kuti malatawo ndi a geji yanji, ndiye kuti tsamba lija sanalione, ndipo muyambe mwayang'ana imelo yanu musanamuweruze kuti ndi waulesi. Akafunsa chifukwa chimene mtanda umodzi ukukwanira K185,000, kondwani ngakhale funsolo likubaya, chifukwa munthuyo wafika mpaka m'munsi mwa tsamba 6.

Pali nthaŵi zimene zonsezi sizifunika. Kotesheni ya tsamba limodzi ilibe polozera, ndipo imelo yake ingotchula ntchito, mtengo ndi tsiku lothera. Pa zogula za boma, zimene zimayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, komanso m'mabungwe ena akuluakulu, chikalata choitanira mitengo ndicho chimalamula katumizidwe. Chikanena kuti mitengo ibwere mu envulopu yomata ndi kuponyedwa m'bokosi pofika ola lakuti, imelo yotchula mtengo wanu poyera ikhoza kukuchotsetsani pa mpikisano, chifukwa mitengo siyenera kudziŵika tsiku lotsegula lisanakwane. Ngakhale pamene alola imelo, ŵerengani ngati atchula adiresi yapadera yolandirira mitengo ndi mawu oyenera kulembedwa pa mutu, ndipo tsatirani zimenezo ndendende. Pamenepo mtengo usalembedwe m'uthenga, ukhale m'fayilo mokha.

Nanga wogula akati ingonditumizirani pa WhatsApp, monga ambiri amanenera masiku ano? Tumizani fayilo yomwe ija ndi mizere itatu: nambala ya kotesheni, tsamba loyambira ndi chifukwa chake, ndi tsiku lothera mtengo. Kenako tumizaninso pa imelo ndithu ngati ali nayo, chifukwa foni imatayika kapena kusinthidwa, ndipo ofesi yoŵerengera ndalama ikadzafuna umboni wa mmene kontalakita anasankhidwira idzafunsa za imelo ndi tsiku limene inafika.